Kutchera meseji ya befide kuti ilowe 12 koloko ya usiku ya kwa m'bale wanu ali kunja

Ntchito yake ili pawiri. Koyamba muyenera kudziwa kuti ikamakwana 12 koloko usiku kumene kuli m'bale wanuyo kuno wotchi imakhala ikuti chani komanso ndi tsiku lanji, kenako musankhe chotumizira chimene chidzatumize chokha inu muli mtulo. Ambiri amathamangira gawo lachiwirili, kufunsa kuti apu yake ndi iti, koma meseji zambiri zimene zimafika pa nthawi yolakwika zimalakwikira pa masamu, apu imangochita zimene mwaiuza. Ndiye tiyambe ndi masamuwo, ndipo titenge nkhani imodzi tiyende nayo mpaka kumapeto.

Tinene kuti muli ku Zomba, achemwali anu ali ku Manchester, tsiku lawo lobadwa ndi 27 Okutobala 2026, Lachiwiri. Inu mwakhala pansi pa 20 Okutobala, malipiro asanatuluke koma bandulo ilipo, mukufuna mutcheretu kuti musadzaiwale.

Choyamba dziwani mzinda weniweni umene munthuyo adzakhale usiku umenewo. Kungodziwa dziko sikokwanira nthawi zonse. Ku UK zilibe vuto chifukwa dziko lonse limayendera nthawi imodzi, Manchester, Glasgow, Belfast, ngakhale Dublin ku Ireland wotchi yake ndi yomweyo. Koma mukangoti "ali ku Amereka" simunanene kanthu, New York ndi Seattle zimasiyana ndi maola 3, ndipo ngakhale boma limodzi la Indiana lili ndi nthawi ziwiri, South Bend kumene kuli Amalawi ambiri imayendera nthawi ya New York pomwe Gary, imene ili kufupi ndi Chicago, ili ola limodzi mmbuyo. Komanso anthu amakonda kuyenda pa befide yawo, ndiye funsani mozemba ngati adzakhale pakhomo sabata imeneyo. Ngati achemwaliwo adzakhale atabwera ku Lilongwe kudzaona amayi ndiye masamu onse tikuchitawa ndi opanda ntchito.

Chachiwiri ndi kupeza kusiyana kwa maola, ndipo apa ndi pamene ndichedwepo chifukwa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Malawi ili pa UTC+2 chaka chonse, kutanthauza maola awiri patsogolo pa nthawi imene maiko onse amayezerapo, sitisuntha wotchi. Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa ndi chimodzimodzi, ndiye ngati m'bale wanu ali ku Joni, Kepitawuni kapena Harare palibe chowerengera, 12 yawo ndi 12 yanu. Koma ku UK amasuntha wotchi kawiri pachaka. Lamulungu lomaliza la Malichi amaikankhira kutsogolo ndi ola limodzi, Lamulungu lomaliza la Okutobala amaibweza. Ndiye kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala ife tili patsogolo pawo ndi ola limodzi lokha, miyezi ina yonseyo, nyengo yawo yozizira ija, tili patsogolo ndi maola awiri.

Tsopano taonani zimene zichitike pa nkhani yathu ija. Pa 20 Okutobala mutsegula Clock pafoni, mupita pa World Clock, muika Manchester kapena London, ikuuzani kuti ali ola limodzi mmbuyo. Ndi zoona, tsiku limenelo. Inu muti chabwino, 12 koloko yawo ndi 1 koloko yanga, mutchera 01:00 pa 27. Koma mu 2026 Lamulungu lomaliza la Okutobala ndi pa 25, masiku awiri befide isanafike, ndipo kuyambira tsiku limenelo kusiyana kwakhala maola awiri. Meseji yanu idzanyamuka 01:00 ya kuno ndithu monga munaiuzira, koma ku Manchester idzakhala 11 koloko usiku wa pa 26, tsikulo lisanayambe nkomwe. Nthawi yoyenera kutchera ndi 02:00 pa 27 Okutobala.

Wotchi ya pafoni ija imangonena za lero basi, siidziwa kuti inu mukufunsira sabata yamawa. Funso loyenera kudzifunsa ndi loti kusiyana kudzakhala kotani pa tsiku la befidelo. Ngati tsikulo lili pakati pa Juni kapena pakati pa Januwale ndipo mukutchera kutatsala masiku ochepa, palibe choopsa. Koma likakhala kumapeto kwa Malichi, kumapeto kwa Okutobala, kapena mukutchera kutatsala miyezi, onani kawiri.

Ku Amereka ndi ku Canada masiku awo osunthira ndi ena. Iwo amakankhira kutsogolo Lamulungu lachiwiri la Malichi, nkubweza Lamulungu loyamba la Novembala, mu 2026 ndi pa 8 Malichi ndi 1 Novembala. Ndiye musatenge lamulo la ku UK nkuligwiritsa ntchito pa malume ali ku Indiana, pali masabata angapo mu Malichi komanso sabata imodzi kumapeto kwa Okutobala pamene wina wasuntha kale wina sanasunthe. Kwa wa ku South Bend, New York kapena Toronto, 12 koloko yawo ya usiku imakhala 6 koloko mmawa kuno nyengo yawo yotentha, 7 koloko nyengo yozizira. Wa ku Dallas kapena Chicago ndi 7 kapena 8 mmawa. Wa ku Seattle ndi 9 kapena 10 mmawa. Onsewa deti yake ndi yomweyo ya befide, chifukwa ife talowa kale mu tsikulo, tikungowadikira atipeze.

Kwa amene ali kummawa kwathu zinthu zimatembenuka ndipo chimene chimasokoneza si ola ayi, ndi deti. Ku Oman ndi ku Dubai ali pa UTC+4 ndipo sasuntha wotchi, ali patsogolo pathu ndi maola awiri chaka chonse. Mlongo wanu wa ku Muscat wobadwa pa 5 Juni amalowa mu tsiku lake ife tikadali pa 4 Juni, 10 koloko usiku. Ndiye mutchere 22:00 pa 4 Juni. Mukatchera 22:00 pa 5 chifukwa mutu wanu wagwira kuti befide ndi pa 5, meseji idzafika tsiku litatha, pa 6 pakuyamba, ndipo izi zimapweteka kuposa kufulumira ndi ola limodzi kuja. Ku Tanzania ndi ku Kenya ndi 23:00 ya dzulo lake. Ku India kuli ka theka la ola, ali pa UTC+5:30, ndiye ndi 20:30 ya dzulo lake. Ku China dziko lonse ndi nthawi imodzi, 18:00 ya dzulo lake, chimodzimodzi ndi Perth ku Australia. Sydney ndi Melbourne amasuntha wotchi koma mozondoka chifukwa nyengo zawo zikufanana ndi zathu, kuyambira Okutobala mpaka kumayambiriro kwa Epulo ndi 15:00, miyezi inayo ndi 16:00, ya dzulo lakenso.

Ngati masamu apamtima simuwakhulupirira, ndipo ine ndingati musawakhulupirire pa masabata osunthira wotchi aja, pali njira yosavuta yotsimikizira. Tsegulani Google Calendar, pangani event pa 27 Okutobala nthawi 00:00, ndiye pamene palembedwa time zone musinthe musankhe ya London, musunge. Mukabwerera pa kalendala yanu event ija idzaoneka pa nthawi ya kuno, 02:00, chifukwa kalendala imawerengera ndi malamulo a tsiku limene mwaikalo osati a lero. Pa timeanddate.com palinso Time Zone Converter imene imalola kuika deti, nayo imachita chimodzimodzi. Mukapeza yankho lilembeni penapake mokwanira, deti ndi ola pamodzi, monga "Lachiwiri 27 Okutobala, 02:00", musangosunga mmutu kuti "2 koloko".

Kanthu kena kochepa koma kamagwetsa anthu ndi AM ndi PM. 12:00 AM ndi pakati pa usiku, 12:00 PM ndi masana dzuwa lili paliwombo. Komanso 12:00 AM ya pa 27 ndi chiyambi cha tsiku la 27, usiku wochokera pa 26, osati usiku umene mudzagone mutadya keke. Izi zimakhudza kwambiri amene m'bale wawo ali ku Joni chifukwa iwo ndi amene amatchera pa 12 yeniyeni. Langizo langa ndi loti musinthe foni ikhale pa 24-hour format musanatchere, ndipo ngati mukukayikabe ikani 00:01, palibe amene adzakudandaulireni za miniti imodzi.

Onaninso kuti foni yanuyo ikudziwa kumene ili. Mu Settings pa Date & time payenera kuoneka GMT+2 kapena Central Africa Time, kaya palembedwa Blantyre, Maputo, Harare kapena Lusaka zonse ndi chimodzi. Mafoni ogula kwa munthu amene anachokera nawo kunja nthawi zina amakhala akadali pa chigawo cha nthawi cha kumene anachokera, mwini wake anangokonza manambala a wotchi pamanja kuti aoneke bwino. Foni yotereyi pamaso imaonetsa nthawi yolondola koma mkati ikuwerengera zina, ndipo meseji yotchera idzapita pa ola lolakwika. Yatsani automatic date and time ndi automatic time zone. Amene mumakhala kufupi ndi malire a Tanzania monga ku Songwe muziyang'anako, foni ikagwira netiweki ya tsidya linalo imatha kulumpha ola limodzi. Ena amachita zosintha foni yonse kuiika pa nthawi ya London, kutchera 00:00, kenako kubweza. Zimatheka koma ine sindizikonda, mukaiwala kubweza alamu yanu ya mmawa idzalira mochedwa ndipo mwangodziwonjezera chinthu china choti chilakwike.

Tsopano chotumizira. Funso lalikulu apa ndi limodzi, kodi meseji yotcherayo ikudikira kuti, pa seva ya kampani kapena mufoni mwanu? Ikakhala pa seva ndiye mukangotchera mwathana nazo, foni itha kuzima, magetsi atha kupita kuyambira madzulo, bandulo itha kutha, meseji ipitabe. Ikakhala mufoni ndiye 2 koloko ya usikuyo foni iyenera kukhala yoyaka, ili ndi chaji, ili ndi netiweki komanso ndalama yotumizira. Kwathu kuno zinthu zinayi zimenezi kupezeka pamodzi pakati pa usiku si chinthu choti nkuchidalira.

Telegram ndi imene imachita bwino ntchito imeneyi ngati m'bale wanuyo ali nayo. Tsegulani chati yawo, lembani meseji, ndiye mmalo modina batani lotumizira mwachangu, ligwireni kwa kanthawi osachotsa chala. Patuluka timawu, musankhe Schedule Message, muike deti ndi ola limene munalemba lija, mutsimikize. Meseji sioneka mu chati, imakakhala pambali, ndipo pa bokosi lolembera pamabwera kachizindikiro kakang'ono, mukakadina mumaona zonse zimene zikudikira. Mmenemo mutha kukonza mawu, kusintha nthawi ndi Reschedule, kapena kufufuta. Chithunzi nachonso chimatheka, mukachisankha mugwire batani lotumizira chimodzimodzi, bola mudikire chimalize kukwera musanazimitse data. Imalola kutchera mpaka chaka chimodzi kutsogolo ndipo zonse zimadikira pa seva. Ola limene mukuika ndi la foni yanu, la kuno, nchifukwa chake tinayamba ndi masamu.

Vuto la Telegram si la makina, ndi la anthu. Achemwali anu atha kukhala kuti anaiika zaka zitatu zapitazo, anasintha foni, sanaibwezeretsenso, koma dzina lawo likuonekabe kwa inu. Yang'anani pansi pa dzina lawo pamene pamalembedwa last seen, mukaona last seen a long time ago dziwani kuti meseji yanu ikafikira m'nyumba yopanda anthu. Atumizireni kamoni wamba sabata imeneyo muone ngati ayankhe.

Gmail nayo imadikira pa seva. Pafoni mukalemba imelo dinani timadontho titatu pamwamba kumanja, musankhe Schedule send, kenako Pick date & time. Pa kompyuta ndi kamuvi kali pambali pa Send. Imelo imakakhala mu Scheduled, ndipo mukafuna kusintha kanthu muyenera kudina Cancel send, imabwerera ku ma draft, mukonze nkutcheranso, apa musaiwale kutcheranso chifukwa ikangokhala mu draft sipita yokha. Gmail itha kuchedwa ndi timaminiti tochepa, ndiye musayembekezere kuti idzagunda pa 00:00 yeniyeni. Imelo ndi yabwino ngati mukufuna kulemba zazitali, zithunzi za ana, nkhani za kumudzi, koma kunena zoona ndi anthu ochepa amene amatsegula imelo pakati pa usiku, ambiri adzaiona mmawa pakati pa ma imelo a kuntchito.

Ngati nonse muli ndi iPhone, kuyambira iOS 18 mu Messages muli Send Later, mumadina + pafupi ndi polembera nkusankha pamenepo. Imagwira pa iMessage, ija ya mabokosi a buluu, imapita ngakhale foni yanu itazima, koma imangolola masiku 14 kutsogolo. Pa nkhani yathu ya pa 20 kutchera za pa 27 zikukwana.

Google Messages ya pa Android ilinso ndi Schedule send, mumagwira batani lotumizira ngati pa Telegram. Koma iyi imadikira mufoni mwanu. Ndipo ikapita ngati SMS kupita kunja imadya mayunitsi enieni, bandulo ya ma SMS a mdziko muno nthawi zambiri siiwerengera za kunja, ndiye siyani ka ndalama mufoni. Nambala muilembe ndi +44 kutsogolo nkuchotsa 0 woyamba uja. SMS yaitali imagawidwa zidutswa ndipo chidutswa chilichonse chimalipiritsidwa pachokha, mukaikamo ka emoji kamodzi malire a chidutswa amatsika kuchoka pa zilembo 160 kufika pa 70, ndiye meseji yanu yokoma ija ya makeke ndi mabaluni itha kukhala ma SMS asanu.

Ndikudziwa ambiri mwawerenga mpaka pano mukudikira WhatsApp, chifukwa ndi kumene timachezera ndi abale tsiku ndi tsiku. WhatsApp wamba imene takhala tikugwiritsa ntchito zaka zonsezi ilibe batani lotcherera meseji kwa munthu. Mutha kuyesa kugwira batani lotumizira pa yanu ngati mwangoipanga update kumene, koma mukaona kuti palibe chikutuluka ndiye njira zatsala ndi zozungulira.

Pa Android pali ma apu monga SKEDit amene amatumiza mmalo mwanu. Mmene amagwirira ntchito ndi moti nthawi ikakwana amatsegula WhatsApp pafoni panu, kulemba, nkudina batani ngati chala chanu. Kuti achite zimenezo amafuna muwapatse chilolezo cha Accessibility, chimene chimawalola kuona zonse zili pa sikirini, ndipo kuti atumize inu muli mtulo amafuna muchotse loko wa foni komanso muwachotse pa battery optimization. Ganizirani bwino, foni imene muli ndi ndalama za pafoni ndi apu ya kubanki igone usiku wonse yopanda loko chifukwa cha meseji ya befide. Mukakana kuchotsa loko apuyo imangokufunsani nthawi ikakwana kuti mutsegule foni, ndiye mwadzukabe basi. Kuonjezera apo mafoni ambiri otsika mtengo amapha okha ma apu amene akugwira ntchito kumbuyo pofuna kusunga batire, mmawa mumapeza palibe chapita ndipo palibe chakuuzani. Pa iPhone ena amagwiritsa ntchito Shortcuts, kupanga Automation ya Time of Day yotumiza meseji ya WhatsApp nkuika pa Run Immediately. Nayo imafuna foni yoyaka ndi data, ndipo imabwereza tsiku lililonse, sabata iliyonse kapena mwezi uliwonse, ndiye mukaiwala kuizimitsa achemwali anu adzalandiranso mafuno abwino pa 27 Novembala.

Kwa ine njira yabwino ya WhatsApp ndi alamu basi. Lembani meseji yonse mu chati yawo masana, osaitumiza, tulukani, WhatsApp imaisunga ngati Draft. Tcherani alamu maminiti atatu nthawi isanakwane, ikalira mungotsegula nkudina. Chenjezo lake ndi loti ngati mumacheza nawo tsiku ndi tsiku draft ija idzakusokonezani kapena mudzaitumiza mwangozi, ndiye bola muisunge mu chati yodzilembera nokha mudzangokopera. Ndipo mukaonetsetsa manambala tinapeza aja, kwa abale ambiri alamuyi siikudzutsani nkomwe. Wa ku Amereka ndi mmawa muli maso kale, wa ku Oman ndi 10 koloko musanagone, wa ku China kapena Australia ndi madzulo. Amene amavutitsa ndi a ku UK ndi Ireland okha, 1 kapena 2 koloko, ndi a ku Joni pang'ono. Ndiye pa achemwali a ku Manchester aja ine ndingatchere Telegram kapena imelo pa 02:00 kuti igwire pakati pa usiku, kenako mmawa nditadzuka ndiwatumizire voisi pa WhatsApp ana akuimba.

Musanakhulupirire njira iliyonse iyeseni tsiku lomwelo mukutchera. Tcherani kameseji koyesera kwa munthu amene muli naye m'nyumba kuti kapite pakatha maminiti asanu, ndiye muzimitse foni yanu kapena muiike pa Airplane mode. Kakafika pa foni ya mnzanuyo yanu ili chizimire, ndiye kuti njirayo ikudikira pa seva, gonani mtima uli mmalo. Kakapanda kufika mpaka mutayatsa, mwadziwa kuti usiku wa befidewo foni iyenera kugona pa chaji ndi data yoyaka, ndipo muone kuti bandulo yanu ikutha liti, musagule ya tsiku limodzi mmawa wa pa 25 nkumayembekezera kuti idzakhalapo pa 27.

Mawu a mesejiyo nawonso amafuna kuganizira pang'ono poti mukulemba sabata isanakwane. Musalembe zinthu zimene zitha kusintha, monga "kuno kwatentha lero" kapena "amayi ali bwino akupereka moni", chifukwa simukudziwa za sabata yamawa. Zoterezi mudzanene mmawa pa voisi. Yotcherayo ikhale yoima payokha, mwachitsanzo: "Achemwali, tsiku lanu lafika. Tikuthokoza Mulungu pokusungani chaka china kutali ndi kwanu. Ana anu kuno akuti azakhali asaiwale kuti keke timadya tonse. Mugone bwino, tiyankhulana kukacha." Ndipo ichi ndi chofunika, meseji yotchera siimva za maliro. Kukagwa zovuta pabanja pakati pa tsiku lotchera ndi tsiku lotumiza, kapena mwayambana kwambiri, kumbukirani kulowa nkuifufuta kapena kuisintha. Ikani chikumbutso pa 26 madzulo choti muitsegule muiwerengenso kamodzi, nthawi yomweyo muonenso World Clock, pofika tsiku limenelo wotchi ya ku UK idzakhala itasuntha kale ndiye idzakuonetsani maola awiri aja ndi maso anu.

Palinso za munthu wolandirayo. Abale athu ambiri ku UK amagwira ntchito yosamalira okalamba kapena m'zipatala, ena usiku ena mmawa kwambiri. Amene ali pa shifiti ya usiku meseji ya 12 koloko imamupeza ali maso ndipo imamusangalatsa zedi akaiona pa nthawi yopuma. Koma amene akudzuka 5 koloko kukakwera basi mu chisanu cha Okutobala, foni kulira pakati pa usiku kuchokera kumudzi chinthu choyamba chimene amaganiza ndi choti kwachitika zovuta. Ngati mukudziwa kuti achemwali anu ndi a mtima wotero ndipo sazimitsa mawu a foni pogona, tcherani kuti ifike 6 koloko yawo ya mmawa, masamu ake ndi omwewo, pa 27 Okutobala imeneyo ndi 08:00 ya kuno.

Ngati cholinga chanu ndi kukhala woyamba, dziwaninso kuti pa gulupu ya banja padzapezeka wina amene adzaponye zithunzi za keke 12 koloko ya kuno ikangokwana, pamene ku Manchester idakali 10 koloko usiku wa pa 26, ndipo ena onse adzatsatira. Zimenezo simungaziletse, ndipo musasinthe nthawi yanu chifukwa cha iwo.

Mmawa wa pa 27 tsegulani chati muone ngati yapita. Nthawi imene idzalembedwe pansi pa meseji kwa inu ndi 02:00, musadabwe, aliyense amaona nthawi ya foni yake, kwa iwo palembedwa 00:00. Pa Telegram kachizindikiro kamodzi ndiye kuti yatumizidwa, tiwiri ndiye kuti aiwerenga, pa WhatsApp tiwiri totuwa ndi kufika pafoni yawo chabe. Pa Gmail iyenera kukhala itachoka mu Scheduled nkupezeka mu Sent. Mukapeza ikadali pomwe munaisiya, kawirikawiri ndi deti imene inalakwika, mwezi kapena chaka chinatsetsereka pamene mumasankha, itumizeni pompo, pa Telegram ndi Send Now, pa Gmail ndi Cancel send kenako Send, ku Manchester kukadali mmawa kwambiri. Chaka chamawa musadzangokopera 02:00 yomweyi, mu 2027 Lamulungu lomaliza la Okutobala ndi pa 31, ndiye pa 27 adzakhala asanabweze wotchi ndipo nthawi yotchera idzakhala 01:00.